Kwa eni mashopu ndi mamanijala a pa Mchinji: maola a Disembala alembedwe Novembala asanathe

Mabwana ndi madona,

Ndikulemba kwa inu amene muli ndi maholoselo, magolosale akuluakulu ndi mashopu a zipangizo zaulimi pa boma pano, pa Kamwendo, pa Waliranji mpaka ku Mkanda ndi ku Kapiri. Ine ndine wosunga sitolo, ntchito yanga ndi kulandira katundu akatsika m'thiraki, kumulemba m'buku ndi kumutulutsa. Nkhani yanga ndi imodzi yokha. Chaka chilichonse mumakonzekera Disembala poitanitsa katundu nthawi yabwino, shuga ndi mafuta ophikira n'kudzaza mpaka kudenga, koma maola a anthu amene adzagulitse katunduyo simuwawerengera. Mumadikira mzere ufike pakhonde ndipo pomwe mumatuma mnyamata kukaitana asuweni ake awiri kuti "adzathandizeko". Ndikupempha kuti chaka chino muwerengere maola monga muwerengera makatoni, ndipo mutero Novembala asanathe.

Poyamba tigwirizane kuti kuno chipwirikiti cha kumapeto kwa chaka sichibwera kamodzi. Choyamba chimabwera ndi mvula. Ikangogwa mvula yodzalira, alimi amatulukira tsiku limodzi kufuna mbewu, feteleza wokulitsa, makasu ndi mapepala apulasitiki ofolera nyumba, ndipo patapita masabata atatu kapena anayi amabweranso kudzafuna wobereketsa. Tsiku lake palibe amene angalilembe pa kalendala. Chachiwiri ndi cha Khirisimasi, masiku anayi kapena asanu tisanafike pa 25, pamene a maokala akumidzi amadzapikula mpunga, fulawa, zakumwa ndi masiwiti, kenaka n'kubwereza pang'ono pa 30 ndi pa 31. Chachitatu ambiri mumachiiwala: sabata yotsegulira sukulu mu Januwale, ya makope, sopo, shuga ndi zonse zimene mwana wa kusukulu yogonera komweko amanyamula. Munthu amene mwamulemba kuti anyamule matumba a makilogalamu 50 sabata ya mvula si yemweyo amene mukumufuna pa kaunta pa 23 Disembala. Choncho funso lakuti "tilembe anthu angati" n'losathandiza. Funso loyenera n'lakuti, ndi maola angati, a ntchito iti, tsiku liti ndiponso nthawi yanji.

Yankho lake muli nalo kale m'kabati. Tulutsani mabuku a malisiti a Disembala wa chaka chatha. Ngati malisiti anu amatuluka m'makina, nthawi yalembedwa pamenepo. Ngati ndi olemba pamanja, mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba ali ndi nthawi, ndipo akupatsani chithunzi. Sankhani tsiku limodzi la pakati pa sabata, Loweruka limodzi ndi tsiku limodzi la sabata ya Khirisimasi, muwerenge kuti ola lililonse munagulitsa kwa anthu angati. M'mashopu ambiri amene ndawaona, anthu amachuluka kuyambira cha m'ma 9 koloko, pamene maminibasi ndi makabaza ochokera kumidzi afika, mpaka cha m'ma 3 masana, pamene aliyense akuthamangira kubwerera mvula isanamutsekere njira. M'mawa kwambiri ndi madzulo shopu imakhala ndi anthu owerengeka. Kwanuko zitha kusiyana, makamaka ngati muli pafupi ndi msika wa tsiku kapena pa msewu wa ku chipata cha Mwami, n'chifukwa chake ndikuti onani m'mabuku anu osati kungokumbukira. Mutu umakumbukira kuti "tsiku lonse kunali moto", pamene buku limaonetsa maola asanu ndi limodzi okha.

Tsono tiyeni titenge shopu imodzi yongoyerekeza, tiiwerengere mpaka pamapeto. Ndi holoselo ya antchito okhazikika 6. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati maola a ntchito a masiku onse asapitirire 48 pa sabata, ndipo wogwira masiku 6 pa sabata ndi maola 8 pa tsiku. Ndiye kuti shopuyi ili ndi maola 288 pa sabata amene yalipira kale m'malipiro a pamwezi. Amenewa ndiye sitoko yanu ya maola.

Mu Disembala abwana afuna kutsegula 7 koloko m'mawa n'kutseka 6 koloko madzulo. Amenewo ndi maola 11 kwa kasitomala, koma kwa wantchito ndi 12, chifukwa pali theka la ola la kusesa, kutulutsa katundu wa pakhonde ndi kuwerenga tchenji, ndiponso theka lina madzulo la kuwerenga ndalama ndi kutseka. Ola limeneli ndi limene limasowa pa mapepala ambiri, chonsecho ndi limene antchito amadandaula nalo kwambiri. Malo atatu sangakhale opanda munthu nthawi iliyonse: pa tilu, pa kaunta ndi ku sitolo yosungira katundu. Anthu atatu kwa maola 12 ndi maola 36. Pa nthawi ya chipwirikiti, 9 koloko mpaka 3 koloko, pakufunika anthu ena 5: wachiwiri pa kaunta, wolongedza, onyamula awiri ndi woima pakhomo kuona lisiti ndi katundu wotuluka. Amenewo ndi maola 30, ndiye tsiku la pakati pa sabata lidya maola 66. Loweruka muonjezepo anthu ena awiri, likwana 78. Abwana akuti Lamulungu atsegulanso theka la tsiku ndi anthu anayi, maola 24. Thiraki yochokera ku Lilongwe ikubwera kawiri pa sabata, ndipo ulendo uliwonse anthu anayi amatsitsa kwa maola atatu, enanso 24. Mukaphatikiza zonse sabata ikufuna maola 456. Muli nawo 288. Akuperewera 168.

Nambala imeneyi muiyang'ane bwino, chifukwa ikhalapo ndithu kaya mwailemba kaya simunailembe. Mukapanda kukonzekera, maola 168 amenewa amagwera anthu 6 omwe aja, aliyense maola 28 oonjezera, sabata ya maola 76. Munthu ameneyo ndi amene mwamusiyira tilu.

Tiikepo ndalama. Tiyerekeze kuti wantchito amalandira K5,600 pa tsiku la maola 8, ndiye kuti K700 pa ola. Inu muikepo malipiro anu enieni, malinga asatsike pansi pa mlingo umene boma lidakhazikitsa. Lamulo lomwelo limati ovataimu ya tsiku la ntchito ilipidwe ola limodzi ndi theka, ndiye K1,050. Munthu akagwira pa tsiku lake lopuma, kapena pa holide ya boma, ndi kawiri, K1,400. Maola 168 mukawapereka onse ngati ovataimu wamba ndi K176,400 pa sabata, osawerengera kuti a Lamulungu aja ndi a kawiri. Maola omwewo mukawapereka kwa anthu olembedwa kwa kanthawi pa K700 ndi K117,600. Kusiyana kwake ndi K58,800 sabata iliyonse.

Ndikudziwa yankho limene ena mukunena chamumtima: "Ife ovataimu sitilipira, timangowapatsa kangachepe ka Khirisimasi." Thumba la mpunga la makilogalamu asanu ndi botolo la mafuta ndi mphatso yabwino, ndipo timathokoza, koma silifafaniza maola. Wantchito amene adalemba maola ake m'kakope angathe kupita nako ku ofesi ya leba mu Febuluwale, ndipo kumeneko adzakufunsani buku lanu la maola. Ngati mulibe, mudzatsutsa ndi chiyani? Komanso ngakhale asapite, mumalipirabe mwa njira ina, ndifikako.

Tsopano maola 168 aja sitiwagawa ndi 48 n'kunena kuti tilembe anthu atatu ndi theka. Tiwaike pamene akusowa. Antchito okhazikika agawidwe magulu awiri: atatu alowe 6:30 m'mawa aweruke 2:30 masana, ena atatu alowe 10:30 aweruke 6:30 madzulo. Gulu lililonse likhale ndi munthu wodziwa tilu ndi wodziwa sitolo. Mukatero m'mawa muli ndi atatu, madzulo atatu, ndipo pakati pa tsiku onse 6 ali pamodzi, popanda ola limodzi la ovataimu. Magulu azisinthana sabata ndi sabata kuti asakhale omwewomwewo oweruka kutada. Kenaka lembani anthu atatu a kanthawi olowa 9 koloko n'kuweruka 3 koloko, Lolemba mpaka Loweruka, ndi ena awiri a Loweruka lokha. Amenewo ndi maola 120. Pakati pa 10:30 ndi 2:30 mukhala ndi anthu 9 pamene mumafuna 8, ndipo wachisanu ndi chinayiyo si wongokhala: ndi amene amalola anzake kukadya mosinthana. Shopu imene antchito amadya chipisi chobisa pansi pa kaunta 4 koloko madzulo ndi shopu imene sidawerengere munthu ameneyu.

Kutsitsa thiraki kukhale ntchito yapayokha, ya onyamula amene mwagwirizana nawo mtengo wa thumba kapena wa thiraki yonse isanafike. Musachotse anthu pa kaunta kukatsitsa feteleza 11 koloko m'mawa. Ngati mungathe, pemphani okutumizirani katundu kuti galimoto izifika m'mawa kwambiri kapena 3 koloko itadutsa. Ndikudziwa kuti nyengo ino madalaivala salonjeza nthawi, koma kungokhala ndi nambala za onyamula anayi odziwika, amene mudawauza kale masiku, kumachotsa theka la vutolo.

Lamulungu ndiye lovuta. Lamulo sililola kuti munthu agwire masiku opitirira 6 otsatizana osapuma maola 24 athunthu. Kupatula awiri a Loweruka lokha aja, anthu onse amene ndawatchula agwira kale Lolemba mpaka Loweruka. Mukafuna kutsegula Lamulungu, ndiye kuti wa pa tilu ndi wa ku sitolo a tsikulo apume tsiku lina la pakati pa sabata, tinene Lachiwiri limene kulibe anthu ambiri, ndipo mpata wawo wa Lachiwiri utsekedwe ndi munthu wachinayi wa kanthawi. Maganizo anga ndi akuti musatsegule Lamulungu lililonse chifukwa choti mnzanu wa patsidya watsegula. Onaninso m'malisiti. Lamulungu lotsogolera Khirisimasi limabweza ndalama zake. Ena aja nthawi zambiri mumagulitsa machesi ndi mayunitsi kwinaku mukulipira anthu anayi. Chimodzimodzi pa 25, pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale, omwe ndi maholide a boma: golosale ya pafupi ndi malo omwera ingapindule, koma holoselo imene makasitomala ake adapikula kale ingachite bwino kutseka. Mukasankha kutsegula, nenani msanga amene adzagwire, ndipo muwauze kuti ndi kawiri.

Pali pena pamene chiwerengero changa chimakumana ndi munda. Maola 6 pa K700 ndi K4,200 pa tsiku, ndipo Disembala ndi mwezi wopalira ndi kuwokera fodya. Munthu wamphamvu ali ndi munda wake umene ukumudikira, komanso ganyu yopalira ili paliponse. Mukamupatsa ndalama yochepa adzabwera masiku atatu, lachinayi mvula ikakata mudzamva kuti wapita kukabandira. Kunena zoona sindimuimba mlandu, chimanga sichidikira Khirisimasi. Ndiye ngati simupeza anthu pa maola 6, lipirani tsiku lathunthu. Anthu atatu pa K5,600 kwa masiku 6 ndi K100,800, ndipo ngakhale mutawagwiritsa maola 6 okha, ola likutuluka pafupifupi K930, lomwe likadali pansi pa ovataimu. Maola awiri otsalawo apite ku ntchito imene imasowa mwini: kudzaza mashelefu, kumanga shuga m'mabelo ang'onoang'ono a ogula ambiri, kusanja makatoni a mawa. Muyang'anenso anthu amene alibe munda wowakoka, monga achinyamata amene adamaliza Fomu 4 ndi a m'makoleji amene ali pa tchuthi. Koma ana ayi. Lamulo limaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14, ndipo ngakhale wa zaka 16 si wosenzetsa thumba la feteleza tsiku lonse. Mwana wa mlongo wanu amene wabwera kudzadya Khirisimasi asasanduke wonyamula katundu waulere.

Anthu a kanthawi alowe sabata imodzi chipwirikiti chisanayambe. Ndalama ya sabata imeneyo imaoneka ngati yotaya, koma munthu wofika pa 22 Disembala sachepetsa ntchito, amaichulukitsa, chifukwa pa chilichonse amafunsa mnzake amene ali ndi makasitomala atatu. Masiku oyambawo aphunzire zinthu zochepa zenizeni: pamene pamakhala katundu aliyense, kusiyanitsa feteleza wokulitsa ndi wobereketsa poona zolemba pa thumba osati mtundu wa thumba, kuwerenga lisiti, ndi lamulo lakuti katundu satuluka ku sitolo popanda pepala ngakhale amene akumufuna ndi mlamu wa abwana. Tilu, buku la ngongole ndi foni yolandirira ndalama zikhale m'manja mwa okhazikika basi. Sikuti a kanthawi ndi akuba. Koma ndalama zikaperewera madzulo pamene tilu yagwiridwa ndi anthu anayi, simungadziwe amene walakwitsa, ndipo mlandu umangogwera wobwera kumene.

Mgwirizano ulembedwe, ngakhale pa tsamba limodzi. Palembedwe tsiku loyamba ndi lomaliza, maola a tsiku, ndalama pa tsiku ndi pa ola loonjezera, tsiku lolandira, ndiponso ngati nkhomaliro ndi yanu kapena yake. Asaine, inu musaine, aliyense asunge lake. Lipirani pa sabata, Loweruka madzulo. Munthu wa kanthawi amene mwamuuza kuti adzalandira "tikatseka mabuku" amayamba kukayika pofika sabata yachiwiri, ndipo wokayika sagwira ntchito. Tsiku lomaliza musaike pa 24 Disembala kwa onse. Onyamula a nyengo ya feteleza angathe kumaliza msanga, koma mmodzi kapena awiri a pa kaunta asungeni mpaka sukulu zitatsegula, chifukwa ndi nthawi yomweyo imene okhazikika amapempha masiku okaona kumudzi ndiponso imene mumawerenga sitoko ya kutha kwa chaka.

Pakhomo la sitolo pakhale kope lolembamo maola, aliyense alembe yekha nthawi yolowa ndi yotuluka, kapitawo asaine madzulo. Ndondomeko ya sabata imatidwe pakhoma pofika Lachisanu, yolembedwa mayina ndi maola, kuti mayi amene ali ndi mwana wa kubere adziwe tsiku loti apemphe wina amusungire. Wa shifiti yoweruka 6:30 amene amakhala kutali mumuganizire za kabaza. Mvula ikagwa madzulo mtengo umakwera, ndipo njira za kumidzi usiku si zoyenda mtsikana yekha.

Ndinati mumalipirabe mwa njira ina. Zizindikiro zake zimaoneka msanga kwa amene akuyang'ana. Tilu imayamba kuperewera, ndipo mukafufuza mupeza kuti zolakwika zambiri ndi za madzulo, munthu ataima maola 10: tchenji cha K5,000 kuperekedwa kwa amene anapereka K2,000, uthenga wa pa foni kungoonetsedwa patali osauwerenga. Ku sitolo, khadi la katundu limanena makatoni 40 pamene pansi pali 37, osati chifukwa abedwa, koma chifukwa atatu adatuluka mothamanga pepala likubwera pambuyo ndipo silidabwere. Matumba ong'ambika amachuluka chifukwa otopa amaponya m'malo motsitsa. Mlimi wa ku Mkanda amabwerera tsiku lotsatira ndi thumba la wobereketsa pa njinga, iye adalipira wokulitsa, ndipo amayankhula mokweza pakhonde podzaza anthu. Kenaka pa 27 anthu awiri amadwala tsiku limodzi. Zonsezi mumazilemba ngati kusasamala kwa antchito, ena mpaka kuwadula malipiro, chonsecho gwero lake ndi maola 168 aja amene sadalembedwe paliponse. Mukaona ziwiri mwa izi m'sabata imodzi, musayambe ndi kukalipa. Tsegulani kope la maola muone amene wadutsa 60.

Chizindikiro cha mbali inayo chiliponso, ndisakubisireni. Ngati 4 koloko madzulo anthu atatu atsamira kaunta akuseweretsa mafoni, mwalemba maola ochuluka kapena mwawaika pa nthawi yolakwika. N'chifukwa chake ndondomeko iunikidwe Loweruka lililonse, kwa mphindi 20 zokha, inu ndi kapitawo ndi wa ku sitolo. Mvula ikachedwa, sabata ya feteleza isunthidwe. Ndi bwino kuuza onyamula kuyambira pachiyambi kuti masiku awo adzayamba mvula ikagwa, ndipo muwalonjeze masiku angapo otsimikizika kuti asakugwiritseni fuwa la moto. Musadzazenso ndondomeko mpaka pakamwa. Siyani maola 10 kapena 12 pa sabata a ovataimu yolipidwa, ya tsiku limene thiraki yafika kutada kapena magetsi azima makina a malisiti n'kuyamba kulemba pamanja. Ovataimu ndi ya zoterezi, zadzidzidzi, osati yoyendetsera mwezi wonse.

Pempho langa ndi lakuti pofika pa 20 Novembala mukhale pansi ndi amene amatsegula ndi kutseka shopu yanu, mabuku a chaka chatha ali patebulo, muwerengere maola a shopu yanuyo monga tachitira apa. Kenaka muwauze antchito okhazikika masiku awo opuma a Disembala yense, kuphatikizapo amene adzagwire pa 25, pa 26 ndi pa 1, kuti nawonso athe kuuza akwawo tsiku lowayembekezera.

Ine wanu pa ntchito,
Wosunga sitolo, Mchinji boma